Matenda a Alzheimer: Chomwe chimapha maselo a ubongo n'chiyani?

Ngati muli ndi agogo amene amaiwala kuti adya kale, koma amakumbukira bwino nyimbo za pa ukwati wawo, mwina munadabwapo kuti kuiwala kotereku kumasankha bwanji. Yankho lake lili mu ubongo. Pa matenda a Alzheimer, maselo a ubongo otchedwa manyuroni amafa pang'onopang'ono, ndipo amafa motsata ndondomeko yodziwika. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati matendawa ndi amene amayambitsa vuto la kuiwala ndi kusokonezeka maganizo mwa anthu 60 mpaka 70 pa 100 aliwonse amene ali ndi vutoli. Kaya mukusamalira wodwala kapena mukulemba ntchito ya kusukulu ya zachipatala, mapuloteni awiri ndi amene muyenera kuwamvetsa: amiloidi ndi tawu.

Zomwe dokotala anaona mu 1906

Mu 1901, mayi wa zaka 51, Auguste Deter, anagonekedwa m'chipatala cha odwala matenda a maganizo mumzinda wa Frankfurt ku Germany. Ankaiwala zinthu, ankasokera m'nyumba mwake momwe, ankakayikira mwamuna wake popanda chifukwa ndipo kulemba kunkamuvuta. Atamwalira mu 1906, dokotala wake Alois Alzheimer anayeza ubongo wake. Anaupeza utafota. Atadula tizidutswa topyapyala, kutipaka mankhwala a siliva n'kutiika pa maikulosikopu, anaona zinthu ziwiri: zibuma zomwazika pakati pa maselo, ndi ulusi wopiringizana m'kati mwa maselowo. M'malo ena selo inali itatheratu, n'kungotsala ulusiwo poonetsa pamene inali.

Mpaka lero zizindikiro ziwirizi ndi zimene akatswiri amafufuza. Gwiritsitsani kusiyana kwake: zibuma za amiloidi zili kunja kwa selo, ulusi wa tawu uli m'kati.

Amiloidi: puloteni yodulidwa pamalo olakwika

Pa khungu la nyuroni pamakhala puloteni yaitali yotchedwa APP, imene aliyense ali nayo. Thupi limaidula pogwiritsa ntchito maenzaimu atatu amene amagwira ntchito ngati sizasi: alufa, beta ndi gama sekiletezi. Alufa ikayamba kudula, imadula pakati penipeni pa chigawo chovutacho, choncho sipatuluka choipa. Koma beta ikadula koyamba, gama n'kumalizitsa, pamatuluka kachidutswa kotchedwa beta-amiloidi.

Kachidutswaka kamakhala ndi maamino asidi 40 kapena 42. Ka 42 ndi kamene kamamata kwambiri. Ubongo wathanzi umapanga tizidutswati n'kumatichotsa tsiku ndi tsiku. Vuto limayamba tikamapangidwa tambiri kapena tikamachotsedwa mochedwa. Tikatero timamatirana, poyamba m'timagulu ting'onoting'ono toyandama, kenako m'zibuma zolimba.

Timagulu ting'onoting'onoti ndi timene ofufuza ambiri amatikayikira kwambiri. Timasokoneza masinapusi, malo amene nyuroni imodzi imapatsira inzake uthenga. Timachititsa kuti kashiamu alowe mu selo mopitirira muyeso, ndipo sinapusi imafooka mpaka kutha. N'chifukwa chake kuiwala kumatha kuyamba selo isanafe: selo ilipo, koma yasiya kulankhula ndi zinzake.

Umboni woti amiloidi ndi amene amayambitsa nkhaniyi ukuchokera ku majini. Jini ya APP ili pa kolomozomu 21. Anthu obadwa ndi vuto la Down ali ndi makolomozomu amenewa atatu m'malo mwa awiri, choncho amapanga APP yambiri, ndipo pafupifupi onse amakhala ndi zibuma akamafika zaka 40. Mabanja ochepa amene matendawa amayenda m'magazi n'kuyamba munthu asanakalambe amakhala ndi vuto pa jini ya APP kapena pa majini opanga gama sekiletezi.

Tawu: luzi likamasuka

Nyuroni ili ndi mchira wautali wotchedwa akisoni. M'kati mwake mumadutsa timachubu timene timanyamula chakudya ndi zipangizo kuchokera pakati pa selo kukafika ku masinapusi. Ganizirani ulalo wa nsungwi womangidwa ndi luzi. Timachubu ndi nsungwizo, tawu ndiye luzi.

Mwachibadwa, thupi limamata fosifeti pang'ono pa tawu pofuna kuwongolera kagwiridwe kake. Pa Alzheimer, fosifeti amamatidwa wochuluka zedi. Zikatero tawu amamasuka pa timachubu, ndipo pamachitika zoipa ziwiri nthawi imodzi. Choyamba, ulalo umaphwasuka, katundu sakufikanso kumapeto, masinapusi n'kufa ndi njala. Chachiwiri, tawu womasukayo amapotana awiriawiri ngati chingwe, n'kudzadza m'kati mwa selo. Selo imatha kukhala ndi ulusiwu kwa zaka zambiri, koma mapeto ake imafa.

Kafukufuku akuonetsanso kuti tawu wopindika molakwika amatha kuchoka mu selo imodzi kulowa mu inzake yolumikizana nayo, n'kukapinditsa tawu wabwino amene wamupeza.

Njira imene matenda amadutsa

Mu 1991, Heiko ndi Eva Braak anaonetsa kuti ulusi wa tawu umafalikira m'magawo 6. Pa gawo 1 ndi 2 umakhala m'kachigawo kakang'ono ka pakhomo la hipokampasi, ndipo munthu nthawi zambiri saonetsa chizindikiro. Pa gawo 3 ndi 4 umalowerera mu hipokampasi, mbali ya ubongo imene imasunga zinthu zatsopano. Apa ndi pamene agogo amaiwala zam'mawa koma n'kumakumbukira za kalekale, chifukwa zakalezo zinasungidwa kale m'mbali zina. Pa gawo 5 ndi 6 ulusi umafika m'mbali za chilankhulo, kuzindikira nkhope ndi kuganiza. Munthu amasowa mawu, amasokera, saazindikiranso ana ake.

Kuno kwathu, gogo wopezeka usiku pakhomo la eni akulankhula zosamveka amatha kunamiziridwa ufiti. Zizindikiro zimenezi zimafanana ndendende ndi za ubongo umene wawonongeka chonchi, ndipo wofunika kumuona ndi dokotala.

Ndiye wakupha ndani?

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amasokoneza. Zibuma zimayamba kuunjikana zaka 15 mpaka 20 zizindikiro zisanaoneke, ndipo pali okalamba ambiri amene amamwalira ali ndi zibuma zochuluka koma nzeru zawo zili bwinobwino. Chimene chimayendera limodzi ndi kukula kwa matenda ndi kufalikira kwa tawu ndi kutha kwa masinapusi. Tinganene kuti amiloidi amayatsa moto, tawu ndiye amatentha nyumba. Mmene woyambayo amaputira wachiwiriyo ndi nkhani imene akatswiri akuifufuzabe.

Palinso wachitatu. Maselo oyeretsa ubongo, otchedwa maikulogiliya, amazungulira zibuma kuti azidye. Ntchitoyo ikapitirira kwa zaka, amatulutsa mankhwala otupitsa amene amavulaza manyuroni oyandikana nawo, ndipo amadyanso masinapusi.

Maselo akatha ambiri, zimaoneka ndi maso. Mapindi a ubongo amaonda, ngalande za pakati pawo zimakula, timapanga ta madzi ta m'kati timafutukuka, ndipo pa sikani ya MRI hipokampasi imaoneka yofota.

Tanthauzo lake pa mankhwala

Ena mwa maselo amene amafa msanga ndi opanga asetilikolini, mankhwala otumizira uthenga wa kukumbukira. Mankhwala a donepezili amachedwetsa kuphwanyidwa kwa asetilikolini wotsalayo. Amathandiza zizindikiro kwa kanthawi, koma saletsa maselo kufa. Mankhwala atsopano a lekanemabu, amene America inavomereza mu 2023, amachotsa amiloidi, koma pa kuyesa kwa miyezi 18 anangochedwetsa kulowa pansi kwa odwala ndi 27 pa 100, ndipo ena anatupa ubongo. Nyuroni ikafa siibwereranso, choncho kuchotsa zibuma mochedwa sikubweza zimene zatayika.

Dziwaninso kuti si kuiwala kulikonse kumene kuli Alzheimer. Sitiroko, HIV, chindoko, mowa, kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro ndi matenda a kukhumudwa zimathanso kuiwalitsa, ndipo zambiri mwa izi zili ndi chithandizo. Kholo likayamba kubwereza mafunso omwewo kapena kusokera panjira yozolowera, pitani nalo kuchipatala akaliyeze.