Lolemba m'mawa mu shedi yowotcherera zitsulo

Mu shedi yowotcherera mageti ndi mabedi m'mbali mwa msewu ku Ndirande, kuyendera chitetezo kwa sabata iliyonse sikudya nthawi yoposa mphindi 15. Mwini malo amanyamula kope ndi bolopeni Lolemba m'mawa, makina onse ali ozima, n'kuyambira pakhomo mpaka kumbuyo, njira imodzimodzi sabata ndi sabata kuti diso lizolowere.

Amayamba ndi mawaya a makina owotcherera. Amawatsata ndi dzanja kufuna pamene pasupuka, makamaka polumikizira, chifukwa waya wong'ambika atagona pansi ponyowa amagwira munthu. Kenako chopukusira zitsulo: chotchinga chake chilipo kodi? Anyamata ambiri amachichotsa kuti aikepo mwala waukulu, koma mwala wotere ukasweka zidutswa zake zimalasa kumaso. Mwala wa mng'alu amautaya pomwepo. Chozimitsira moto amachiona muvi wake, uyenera kuloza pobiriwira.

Kopelo ndiye mwini nkhani. Tsamba lililonse amaligawa panayi: vuto, wokonza, tsiku lomaliza, ndi siginecha ikakonzedwa. Kulemba kuti “magetsi sali bwino” n'kutaya inki. Alembe kuti soketi ya pafupi ndi chitseko yada ndipo ikutentha, wamagetsi abwere pofika Lachitatu, pakadali pano yazimitsidwa.

Lolemba lotsatira amayamba wawerenga tsamba lakale asanatsegule latsopano. Vuto likaonekera masabata awiri otsatizana lopanda siginecha, chipangizocho amachitsekera m'bokosi mpaka chitakonzedwa.