Gawo la ziopsezo m'chikalata chopempha ndalama za pulojekiti

Gawo la ziopsezo ndi mbali ya chikalata chopempha ndalama za pulojekiti imene imatchula zinthu zomwe zingasokoneze ntchito, kukula kwake, ndi zimene eni ntchito adzachite pochepetsa vutolo. Nthawi zambiri gawoli limalembedwa ngati tebulo, chiopsezo chilichonse pamzere wakewake.

Kapimidwe ka chiopsezo

Chiopsezo chimapimidwa pa mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti chingachitike mosavuta bwanji, lachiwiri ndi lakuti chitachitika chingawononge ntchito kufika pati. Ambiri amapereka nambala kuyambira 1 mpaka 5 pa funso lililonse, kenako amachulukitsa nambala ziwirizo. Zotsatira zimakhala pakati pa 1 ndi 25, ndipo chiopsezo cha nambala yaikulu ndicho chimayamba kuganiziridwa.

Chitsanzo

Tiyerekeze kuti komiti ya sukulu ina m'boma la Chikwawa ikupempha ndalama zomangira chipinda chophunzirira. Kukwera kwa mitengo ya simenti ndi malata kungapatsidwe 4 pa kuthekera, chifukwa mphamvu ya kwacha imatsikatsika, monga mmene inatsitsidwira ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pa chiwonongeko kungapatsidwenso 4, poti ndalama zikhoza kutha denga lisanafoleredwe. Zotsatira ndi 16.

Kuduka kwa msewu nthawi ya dzinja kungapatsidwe 4 pa kuthekera koma 3 pa chiwonongeko, chifukwa ntchito imachedwa chabe, siifa. Apa zotsatira ndi 12. Kusiya ntchito kwa mmisiri mmodzi kungakhale 2 kuchulukitsa ndi 2, zomwe ndi 4, popeza amisiri ena amapezeka.

Njira zochepetsera vuto

Njira yodalirika imatchula chochita, munthu wochita, nthawi yake ndi ndalama zake. Pa mitengo, komiti ingalembe kuti msungichuma adzagula malata onse ndalama zoyamba zikangofika, ndipo bajeti idzakhala ndi 10 peresenti yapadera ya zogwa mwadzidzidzi. Simenti yokha sigulidwa yonse nthawi imodzi, chifukwa ikakhalitsa pachinyezi imauma n'kusanduka mwala. Pa msewu, ingalembe kuti mchenga, njerwa ndi miyala zidzatutidwa pofika Okutobala, mvula isanayambe.

Njira zikalembedwa, chiopsezo chimapimidwanso. Kugula malata msanga sikuletsa mitengo kukwera, choncho kuthekera kumakhalabe 4, koma chiwonongeko chimatsika kufika pa 2. Chiopsezo chotsala chimakhala 8.

Zolakwika zofala

Olemba ena amapereka nambala zazing'ono paliponse poopa kumanidwa ndalama, koma opereka thandizo amaona zimenezi ngati kusadziwa dera. Ena amangolemba kuti adzayang'anira ntchito mosamala, osatchula munthu kapena tsiku. Njira imene ikufuna ndalama koma sikupezeka mubajeti nayonso ndi yapapepala chabe, poti tsiku la vuto sipadzakhala cholipirira.