Kusonkhanitsa Zithunzi za Masamba mu Fayilo Imodzi ya PDF: Vuto la Ndondomeko

1.0 Mawu Oyamba

Zolembedwa zambiri za Chinyanja zimene ofufuza amazifuna mu Lusaka sizipezeka ku nyumba yosungira mbiri ya dziko ya ku Ridgeway kapena ku laibulale ya Yunivesite ya Zambia kokha. Zina zili m'masutukesi a mabanja ku Kabwata, Chelstone, Woodlands ndi Kabulonga: nthano zotayipidwa, maulaliki, mbiri za mafuko. Eni ake kawirikawiri salola kuti zolembazi zigone kunja. Motero wofufuza amabwereka m'mawa, nazijambula pa sikana, n'kubweza madzulo. Chimene amatsala nacho ndi mulu wa zithunzi, ndipo zithunzizo ziyenera kusonkhanitsidwa mu fayilo imodzi ya PDF, mtundu wa fayilo umene kampani ya Adobe inautulutsa mu 1993.

Cholinga chathu m'nkhani ino ndi kufotokoza chifukwa chimene masamba amasokonekera posonkhanitsa, m'mene tingazindikirire kuti asokonekera, ndi m'mene tingawakonzere. Tigwiritsa ntchito mawu atatu mosiyanitsa. Pepala ndi chinthu chimene timachigwira m'manja. Tsamba ndi mbali imodzi ya pepala. Chithunzi ndi fayilo imene sikana imatulutsa ikajambula tsamba limodzi.

2.0 Zolemba Zimene Tinajambula

Banja lina la ku Kabwata linatibwereka nthano zimene malemu agogo awo anatayipa. Panali mapepala 62 osasokedwa, olembedwa mbali zonse ziwiri, kutanthauza masamba 124, ndipo tsamba lililonse linali ndi nambala yake pansi. Popeza mapepalawo anali olimbabe, tinawatengera ku sitolo ina yojambulira m'katikati mwa mzinda, kufupi ndi msewu wa Cairo. Mapepala ofumbwa kapena ong'ambika sitikanawalowetsa m'makina okoka okha. Oterowo amaikidwa pa galasi limodzilimodzi.

Sikana ya pasitolopo imakoka mapepala yokha, koma imajambula mbali imodzi yokha. Chotero mulu wonse unadutsa kawiri. Ulendo woyamba unatipatsa masamba a kutsogolo, amene tinawasunga mu foda ya `kutsogolo`. Kenaka mnyamata wa pasitolo anatembenuza mulu wonsewo n'kuulowetsanso, ndipo zithunzi zake tinazisunga mu foda ya `kumbuyo`.

3.0 Maina a Zithunzi

Vuto loyamba lili m'maina. Sikana inatcha zithunzi `Scan_1.jpg`, `Scan_2.jpg`, mpaka `Scan_62.jpg`. Munthu akaona mainawa amawerenga nambala. Mapulogalamu ambiri sawerenga nambala ayi. Amayerekeza chilembo ndi chilembo kuchokera kumanzere, monga m'mene mawu amandandalikidwira mu dikishonale. Monga mawu akuti "bambo" amatsogolera "chala", momwemonso 10 amatsogolera 2 chifukwa chilembo chake choyamba ndi 1. Ndondomeko imene imatuluka ndi iyi: 1, 10, 11, mpaka 19, kenaka 2, 20, 21, ndi kupitirira motero.

Chimene chimanyenga anthu n'chakuti pulogalamu yoonetsa mafoda pa `Windows` imandandalika maina motsata nambala. Wofufuza amaona zonse zili bwinobwino pa sikirini, pamene pulogalamu yosonkhanitsa ikutenga zithunzizo m'ndondomeko ina.

Mankhwala ake ndi awiri. Oyamba ndi kupempha wojambula kuti maina onse akhale ndi manambala ofanana kutalika, monga `001`, `002`, `010`, `062`. Maina otere amalondolozana bwino kaya awerengedwa ngati nambala kaya ngati zilembo. Achiwiri, ngati zithunzi zajambulidwa kale, ndi kulamula kompyuta kuti izindandalike motsata nambala. Pa `Linux` timalemba motere:

```
img2pdf $(ls -v kutsogolo/*.jpg) -o kutsogolo.pdf
img2pdf $(ls -v kumbuyo/*.jpg) -o kumbuyo.pdf
```

Kachilembo ka `-v` ndiko kamachititsa kuti 2 atsogolere 10. Lamuloli limalephera ngati maina a zithunzi ali ndi mipata pakati, choncho mipatayo ichotsedwe kaye. Tinasankha `img2pdf` chifukwa imaika zithunzi za mtundu wa JPEG mu PDF osazifinyanso. Zimenezi n'zofunika pa zolemba zotayipidwa ndi riboni yotha inki, pamene kachizindikiro ka pamwamba pa ŵ kapena kankhodolero ka ng' kamafufutika msanga chithunzi chikafinyidwa kawiri.

4.0 Kuluka Masamba a Kutsogolo ndi a Kumbuyo

Tsopano tili ndi mafayilo awiri. Yoyamba ili ndi masamba 1, 3, 5, mpaka 123. Yachiwiri ili ndi masamba a kumbuyo, koma chobwerera. Chifukwa chake n'chapafupi: mulu ukatembenuzidwa, pepala lomaliza ndilo limalowa poyamba. Motero chithunzi choyamba ndi tsamba 124, chachiwiri ndi 122, ndipo chomaliza ndi tsamba 2.

Ntchito yathu ikufanana ndi kuluka mphasa: kutenga tsamba limodzi uku, lina uko, mosinthana, koma fayilo yachiwiri tikuiyambira kumapeto. Pulogalamu ya `pdftk` imachita zimenezi ndi lamulo limodzi:

```
pdftk A=kutsogolo.pdf B=kumbuyo.pdf shuffle A Bend-1 output nthano.pdf
```

Mawu akuti `shuffle` akutanthauza kutenga mosinthana, ndipo `Bend-1` akutanthauza kuwerenga fayilo `B` kuchokera ku tsamba lomaliza kubwerera ku loyamba. Wina akaiwala mbali imeneyi n'kungolemba `B`, zotsatira zake zimakhala 1, 124, 3, 122. Cholakwa chimenechi n'chosavuta kuchigwira pakuti chimaonekera pa tsamba lachiwiri pomwe.

5.0 Tsamba Limodzi Likasowa

Cholakwa choopsa ndi chimene chimabisala pakati, ndipo ndicho chinatigwera. Tinatsegula fayilo yathu, tinaona masamba khumi oyamba ali m'malo mwake, tinabweza mapepala ku Kabwata. Patapita masiku, mmodzi wa ife akuwerenga nthano ya Kalulu, anadabwa kuti Kalulu wathawa kale asanagwidwe. Zolemba za nthano zimabisa cholakwa chotere chifukwa nyimbo ndi mawu ena zimabwerezedwabwerezedwa, kotero kuti tsamba lolakwika limamveka ngati likupitiriza nkhani.

Titayang'ana manambala a pansi pa masamba tinapeza 77, 78, 79, 82, 81, 84, 83, 86, ndipo fayilo inathera pa 121, 124, 123. Chinachitika n'chakuti pa ulendo wachiwiri sikana inakoka mapepala awiri nthawi imodzi, ndipo tsamba 80 linabisika. Fayilo ya kumbuyo inali ndi zithunzi 61 m'malo mwa 62. Pulogalamu sidziwa kuti pali chosowa, imangotenga chotsatira. Kuyambira pamene panali mpata, tsamba lililonse la kumbuyo linasendera kutsogolo, ndipo chisokonezo chinafika mpaka kumapeto. Masamba 79 oyamba anali olondola, n'chifukwa chake kuyang'ana koyambirira kokha kunatinamiza.

Apa tikuphunzirapo mfundo yothandiza: pamene chisokonezo chayambira ndi pamene pali tsamba losowa. Sitinafunikire kujambulanso mulu wonse. Tinabwerera ku Kabwata, tinajambula tsamba 80 lokha, ndi kulisandutsa PDF ya tsamba limodzi. Malo ake tinawapeza powerengera. Fayilo ya kumbuyo imayamba ndi 124 n'kumatsika ndi awiriawiri, choncho chithunzi cha 22 ndi tsamba 82, ndipo tsamba 80 liyenera kubwera pambuyo pake:

```
pdftk B=kumbuyo.pdf C=tsamba80.pdf cat B1-22 C B23-end output kumbuyo2.pdf
```

Titalukanso pogwiritsa ntchito `kumbuyo2.pdf`, masamba onse 124 anakhala m'malo mwake.

Mpata ngati womwewu ungabwerenso popanda mapepala kumatirirana. Masikana ambiri ali ndi dongosolo lochotsa masamba opanda kanthu. Wotayipa akasiya kumbuyo kwa pepala kosalemba pa mapeto a mutu, sikana imataya chithunzicho, ndipo fayilo ya kumbuyo imapereweranso. Dongosolo limeneli liyenera kuzimitsidwa ntchito isanayambe. Tsamba lopanda kanthu ndi tsamba ndithu, ndipo limasunga malo a anzake.

6.0 Kuyesa Mapepala Asanabwezedwe

Kuchokera pa zimene zinatichitikirazi, tsopano timachita mayeso atatu mapepala adakali m'manja mwathu.

Poyamba timawerenga mapepala ndi manja tisanajambule, n'kulemba chiwerengerocho. Tikatha kujambula timafunsa kompyuta ndi lamulo la `pdfinfo kumbuyo.pdf`, limene limaonetsa chiwerengero pa mzere wa `Pages`. Mafayilo onse awiri ayenera kufanana ndi chiwerengero cha mapepala. Kufanana kwa mafayilo awiriwo pakokha sikokwanira, pakuti pepala lomwelo likhoza kubisika maulendo onse awiri.

Chachiwiri, timayamba kuyang'ana kumapeto kwa fayilo yolukidwa, osati kumayambiriro. Ngati masamba awiri omaliza ali 123 ndi 124, m'ndondomeko imeneyo, chiyembekezo n'chachikulu kuti pakati palibe mpata.

Chachitatu, timayerekeza nambala imene pulogalamu yowerengera ikuonetsa ndi nambala yolembedwa pa tsamba, m'malo anayi kapena asanu otalikirana. Ngati chikuto ndi mawu otsogolera zatenga zithunzi zinayi, kusiyana kwa manambala awiriwa kudzakhala 4, ndipo kuyenera kukhala 4 paliponse. Pamene kusiyanako kwasintha, pamenepo pali tsamba losowa kapena lojambulidwa kawiri. Ngati zolembazo zilibe manambala, timawerenga mzere womaliza wa tsamba ndi mzere woyamba wa tsamba lotsatira kuti tione ngati chiganizo chikulumikizana.

7.0 Malire a Njirayi

Njira tafotokozayi ndi ya mapepala osasokedwa. Timabuku ta Chinyanja tomangidwa ndi waya pakati, ngati tija tinkasindikizidwa kwambiri m'zaka za m'ma 1950, tili ndi kaikidwe kena. Waya ukachotsedwa, mbali imodzi ya pepala imakhala ndi masamba awiri otalikirana. M'kabuku ka masamba 48, tsamba 48 limakhala pambali pa 1, ndipo 2 pambali pa 47. Manambala awiriwo akaphatikizidwa amapereka 49 nthawi zonse. Zithunzi zotere ziyenera kudulidwa pakati zisanalukidwe. Ife timaona kuti n'kwabwino kusachotsa wayayo, koma kutsegula kabukuko pa galasi, pakuti potero masamba oyandikana amajambulidwa pamodzi ndipo mwini wake amalandira kabuku kake kali kathunthu.

8.0 Pomaliza

Taonetsa kuti masamba amasokonekera pa zifukwa zitatu: maina amene kompyuta imawawerenga ngati zilembo, mulu wa kumbuyo umene umabwera chobwerera, ndi tsamba limodzi losowa limene limasendeza anzake onse. Chomaliza chimene timalangiza ndi kusunga mafoda a zithunzi zoyambirira pamodzi ndi PDF yomalizidwa, chifukwa PDF ikhoza kulukidwanso nthawi iliyonse malinga zithunzi zilipo. Ulendo wathu wachiwiri wa ku Kabwata unatheka chifukwa banjalo linali lidakasunga mapepala. Chikhala kuti linali litawatumiza kumudzi, monga linkaganizira, tsamba 80 tikanalisowa, ndipo nthano ya Kalulu ikanalowa m'kafukufuku wathu yopanda pakati pake.