Jamu wapsa liti? Mbale yozizira ndi themometa zimayankha

Mu Disembala mango amachuluka mpaka kuwolera pansi pa mitengo, ndipo ambiri amaganiza zophika jamu kuti zipatsozi zifike mpaka Juni. Kusenda ndi kuduladula sikuvuta. Povuta ndi pamapeto, mphindi zochepa zija zimene wophika ayenera kudziwa kuti aphule tsopano kapena adikire. Mukafulumira, jamu amayenderera pa buledi ndipo sachedwa kuchita nkhungu. Mukachedwa, amada, amamveka kupserera, ndipo supuni imakanika kulowa m'botolo.

Vuto lake ndi lakuti jamu wotentha amaoneka wamadzimadzi nthawi zonse, ngakhale atapsa kale. Ali ngati phala, limene limaonetsa kulimba kwake likazizira. Choncho kuyang'ana mumpoto mokha sikungakuuzeni zoona.

Chimene chimalimbitsa jamu ndi pekitini, ulimbo wachibadwa umene umapezeka m'makoko, m'njere ndi m'mnofu wa zipatso. Tinthu ta pekitini timakankhana tikakhala m'madzi ambiri. Asidi wa mandimu amathetsa kukankhanako, ndipo shuga amakoka madzi kuti tinthuto tiyandikane n'kulukana. Zimenezi zimachitika shuga akafika pafupifupi magawo 65 pa 100 aliwonse a jamuyo. Kuwiritsa konse kuja, cholinga chake ndi kuchotsa madzi mpaka kufika pamenepo.

Titenge mango. Ndi okoma, koma akapsa kwambiri amakhala ndi pekitini wochepa ndiponso asidi wochepa, n'chifukwa chake jamu wa mango amavutitsa anthu kuposa wa magwafa kapena wa chidede. Pa kilogalamu imodzi ya mnofu wa mango, konzani magalamu 800 a shuga ndi madzi a mandimu awiri. Pakati pa mangowo pakhale angapo ongoyezuka kumene, chifukwa ndi amene ali ndi pekitini wambiri. Njere za mandimuwo musataye: zimangeni m'kansalu koyera n'kuponya mumpoto, mudzavuula pamapeto. Yambani kuphika mango ndi mandimu okha pamoto wochepa mpaka afewe. Kenako thirani shuga, muzitakasa mpaka pansi pa mthiko pasamveke mchengamchenga. Shuga yense akasungunuka, sonkhezani moto kuti jamu abwate mwamphamvu, kubwata kosaleka ngakhale mukutakasa. Poto akhale wotakasuka kukamwa, ndipo jamu asapitirire theka lake, pakuti amafufuma ndipo akakudonthera pakhungu amawotcha kuposa madzi owira.

Pakatha mphindi 10 kapena 15, mudzaona kusintha. Thovu loyera lija limachepa, jamu amayamba kunyezimira, ndipo mabwamubwamu ake amakhala akuluakulu ndi olemera. Mukakweza mthiko, madontho sagwanso limodzilimodzi, amakumana m'mphepete n'kugwa pamodzi mochedwa. Apa ndiye poyambira kuyesa.

Mabuku ambiri ophikira amanena kuti jamu amagwira pa madigiri 104 mpaka 105. Nambalayi ndi yoona, koma ndi ya malo otsika ngati m'mphepete mwa nyanja yamchere, kumene madzi amawira pa madigiri 100. Shuga akachuluka m'madzi, madziwo amawira pa kutentha kokwererapo, ndiye themometa kwenikweni ikukuuzani kuchuluka kwa shuga: madigiri 4 kapena 5 pamwamba pa pamene madzi enieni amawirira. Tsono madzi sawira pa 100 paliponse. Mukakwera mamita 300 aliwonse, amawira msanga ndi digiri pafupifupi imodzi. Lilongwe ndi Blantyre zili pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000, ndipo kumeneko madzi amawira cha pa 96 kapena 97. Ku Dedza amawira cha pa 95. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa ndi kumene nambala ya m'buku imagwira ntchito momwe ilili.

Ndiye taganizani mayi wa ku Lilongwe amene akudikira kuti themometa ifike pa 105. Jamu wake anali atagwira kale pa 101. Madigiri anayi otsalawo adzawapeza pokhapokha atauma madzi ambiri, ndipo pofika pamenepo mtundu wachikasu wa mango wasanduka wofiirira, fungo lathawa, jamu wasanduka switi. Ine ndimaona kuti apa ndi pamene anthu ambiri osamala amaonongera jamu, chifukwa chotsatira buku mokhulupirika.

Njira yake ndi yapafupi. Musanayambe kuphika, wiritsani madzi okha, muviikemo themometa yanu, mulembe nambala imene yaonetsa, muwonjezerepo 4 kapena 5. Imeneyo ndiyo nambala ya khitchini yanu. Kuchita zimenezi kumakonzanso vuto la themometa yonama pang'ono. Ikhale themometa yophikira, yofika kupitirira madigiri 110, osati ija yoyezera malungo. Poyeza, takasani kaye, nsonga yake ilowe pakati pa jamu koma isakhudze pansi pa poto, chifukwa chitsulo chimatentha kuposa jamu ndipo mudzaphula msanga.

Komabe themometa ili ndi malire. Imadziwa za shuga basi, sidziwa ngati mango anu anali ndi pekitini wokwanira. Mbale yozizira ndiyo imaonetsa jamu weniweni monga adzakhalire mawa m'botolo, ndipo ndikanati ndisankhe chimodzi, ndikanasankha mbale.

Ikani timbale tiwiri kapena titatu m'filiji, mbali yoziziritsa kwambiri, musanayatse moto. Nthawi yoyesa ikakwana, phulani poto. Pa mbaula izi n'zofunika kwambiri, chifukwa makala sazimitsika ngati magetsi, ndipo jamu amapitiriza kupsa inu mukuyang'ana mbale. Donthezani kasupuni kamodzi pa mbale yozizira, bwezerani m'filiji kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako kankhani jamuyo ndi chala kuchokera m'mphepete. Yang'anitsitsani patsogolo pa chalacho. Ngati pamwamba pachita makwinya, ndipo kanjira kamene chala chadutsa katsala poyera osatsekeka, jamu wagwira. Makwinya ake safunika kukhala aakulu. Timizere tating'ono tooneka mukapendeketsa mbale poyera n'tokwanira. Ngati jamu wabwerera n'kutseka kanjirako, bwezerani poto pamoto kwa mphindi ziwiri zokha, muyesenso pa mbale ina yozizira. Kumapeto kuno zinthu zimasintha mofulumira, mphindi zisanu ndi zambiri.

Opanda filiji, kapena magetsi akathima, yandamitsani mbale yachitsulo pa madzi ozizira a mumtsuko, mudonthezepo jamu pang'ono kwambiri, mudikire mphindi zinayi kapena zisanu kuti azizire ndithu.

Nanga themometa ikafika pa nambala yanu koma mbale ikukana? Musapitirize kuwiritsa mwakhama, chifukwa kutentha kwa nthawi yaitali kumaphwanya pekitini yemweyo amene mukumudalira. Chikusowa ndi asidi kapena pekitini. Finyirani ndimu ina, bwatitsani mphindi ziwiri, muyesenso. Zikakanikabe, lekani pomwepo. Jamu wofewa wokoma amaposa wolimba wopserera.

Akagwira, yengulani thovu, mumusiye mphindi zisanu kuti zidutswa za mango zisadzayandame pamwamba, kenako thirani akadali wotentha m'mabotolo owiritsidwa ndi ouma, mutseke nthawi yomweyo. Musaweruze tsiku lomwelo: jamu amatha kutenga tsiku limodzi kapena awiri kuti alimbe bwinobwino. Ngati pambuyo pake akuyendererabe, mutha kumubwezera mumpoto ndi madzi a mandimu, kumubwatitsa pang'ono, n'kumuyesanso pa mbale.