Kompyuta yabwinobwino ikakana ntchito chifukwa yatsala yokha

Anthu amene ayamba kumene kulumikiza makompyuta ndi Proxmox amadabwa ndi chinthu chimodzi. Pa makompyuta atatu, awiri akazima, yachitatu ija imakhala ili bwinobwino, magetsi ilinawo, disiki yake ilibe vuto, koma ukaiuza kuti iyatse pulogalamu imakana. Pagalasi pamangotuluka mawu akuti `cluster not ready - no quorum?`. Ambiri amaganiza kuti china chake chawonongeka. Palibe chawonongeka. Inapangidwa dala kuti izikana, ndipo kukanako ndi kumene kumateteza mafayilo anu.

Proxmox VE ndi pulogalamu yopangidwa ndi kampani ya mumzinda wa Vienna ku Austria, ndipo inayamba kutuluka mu 2008. Inamangidwa pa Debian, ndipo aliyense angathe kuitenga osalipira. Ntchito yake ndi kugawa kompyuta imodzi yamphamvu kuti m'kati mwake muzikhala makompyuta angapo ongoyerekeza, iliyonse ndi ntchito yakeyake: ina yosunga maakaunti, ina ya maimelo, ina ya mafayilo a ofesi. Makompyuta a m'katiwa tiziwatchula kuti alendo. Mukalumikiza makompyuta enieni atatu kukhala gulu limodzi, mumawayang'anira onse pa tsamba limodzi, ndipo mlendo angathe kusamuka kuchoka pa ina kupita pa inzake.

Kumanga gululi si ntchito yaikulu. Tiyerekeze ofesi yaing'ono imene yagula makompyuta atatu ogwiritsidwapo kale ntchito ndi swichi imodzi yolumikizira zingwe za netiweki. Pa iliyonse aikapo Proxmox, aipatsa dzina ndi adiresi yosasintha: `pve1` pa 192.168.10.11, `pve2` pa 192.168.10.12, `pve3` pa 192.168.10.13. Maina ndi maadiresiwa ndi ofunika kuwaganizira bwino tsiku loyamba, chifukwa kuwasintha gulu litamangidwa kale ndi chintchito chowawitsa mutu. Mawotchi a makompyuta onse ayenera kugwirizana, ndipo yachiwiri ndi yachitatu ziyenera kulowa m'gulu zilibe mlendo aliyense, poti zikamalowa zimataya makonzedwe awo akale n'kutenga a gulu. Pa yoyamba mumalemba:

```
pvecm create ofesi
```

Kenako pa yachiwiri, ndiponso pa yachitatu:

```
pvecm add 192.168.10.11
```

Imafunsa mawu achinsinsi a `root` a kompyuta yoyamba ija, n'kulowa. Zomwezi zimathekanso pa tsamba loyang'anira lija, limene limatsegulidwa pa doko 8006. Kumanga kwathera pamenepo. Nkhani yeniyeni ili pa zimene zayamba kuchitika pansi, maso osaona.

Makompyuta atatuwa tsopano ali ndi kaundula mmodzi, amene amaoneka pa `/etc/pve`. M'menemo mwalembedwa kuti mlendo uyu ali pa kompyuta iti, ali ndi memore yochuluka bwanji, disiki yake ili kuti. Kompyuta iliyonse ili ndi kope lake la kaundulayu, ndipo mukasintha kanthu pa imodzi, kusinthako kumafika kwa zinzake nthawi yomweyo. Imene imanyamula mauthengawa ndi pulogalamu yotchedwa Corosync. Iyo imayendetsa kauthenga kakang'ono kuzungulira makompyuta onse mosalekeza, ndipo kompyuta ikapanda kuyankha kwa masekondi ochepa, zinzake zimaiwerenga kuti yachoka.

Apa ndi pamene pabwera khoramu. Amene anakhalapo mu komiti ya banki m'khonde akudziwa kuti mamembala akabwera ochepa, bokosi la ndalama silitsegulidwa, ngakhale amene abwerawo akhale okhulupirika chotani. Mu Proxmox kompyuta iliyonse ili ndi voti imodzi, ndipo kaundula amaloledwa kusinthidwa pokhapokha mavoti amene akumvana aposa theka la mavoti onse. Pa atatu, pafunika awiri. Lamulo la `pvecm status` limaonetsa zimenezi. Imodzi ikazima, mwa zina mumaona izi:

```
Quorate:          Yes
Expected votes:   3
Total votes:      2
Quorum:           2
```

Mavoti oyembekezeka ndi atatu, alipo awiri, ofunika ndi awiri. Gulu likuyendabe.

N'chifukwa chiyani lamuloli ndi louma chonchi? Chifukwa kompyuta singathe kusiyanitsa inzake yakufa ndi inzake imene chingwe chake changozuka. Zonse ziwiri zimamveka chimodzimodzi: zii. Tiyerekeze kuti wokolopa wakoka chingwe cha netiweki cha `pve2` mosadziwa. Kwa `pve1` ndi `pve3`, mnzawo wafa. Kwa `pve2`, anzake awiri ndi amene afa. Mbali zonse ziwiri zikanakhala ndi ufulu wochita zimene zikufuna, mlendo wa maakaunti akanatha kuyatsidwa malo awiri nthawi imodzi, onse n'kumalemba pa disiki imodzi. Mafayilo olembedwa ndi manja awiri osamvana chotero kawirikawiri sakonzeka. Lamulo la kuposa theka limatseka khomo limeneli ndi masamu chabe: pa mavoti atatu, sizingatheke kuti mbali ziwiri zonse zikhale ndi awiri awiri. Mbali imodzi yokha ndi imene ingapambane, ndipo yotsalayo imadziwa yokha kuti yaluza popanda woiuza.

Kompyuta yoluzayo imatseka kaundula wake kuti azingowerengedwa basi. Simungayatse mlendo, simungapange watsopano, simungasinthe makonzedwe. Alendo amene anali kale pa ntchito amapitiriza, kupatula ngati munayatsa `HA`, ndipo apa m'pofunika kumvetsa bwino.

`HA` ndi mbali ya Proxmox imene imadzutsa yokha mlendo pa kompyuta ina, yake ikafa. Tinene kuti mlendo nambala 101, wa maakaunti uja, ali pa `pve2` ndipo mwamuika m'manja mwa `HA`. Chingwe chija chikazuka, awiri otsalawo sathamangira kumudzutsa, chifukwa mwina akadali moyo kumene aliko. Amadikira. Pa `pve2` pali kawotchi kaulonda kamene kamayenera kubwezeredwa kumayambiriro pafupipafupi, ndipo kompyutayo imasiya kukabwezera ikangotaya khoramu. Masekondi 60 akakwana, kawotchiko kamazimitsa kompyutayo mwankhanza n'kuiyatsanso. Zinzake zimadziwa za lamuloli, choncho nthawi ija ikadutsa zimakhala zotsimikiza kuti 101 wazima, ndipo imodzi imamutenga. Zonse pamodzi zimatenga mphindi pafupifupi ziwiri. Ogwira ntchito mu ofesi amaona ngati kompyuta ya maakaunti inathimitsidwa pa soketi n'kuyatsidwanso, ndipo zimene anali asanasunge zimatayika.

Pali chinthu chimene khoramu sichita, ndipo ambiri amachizindikira mochedwa: simasamutsa disiki. Ngati disiki ya 101 ili m'mimba mwa `pve2` mokha, mavoti angakwane bwanji, palibe chodzutsa kwina. Pamafunika malo osungira amene makompyuta onse akuwaona, kapena kukopera kwa ZFS, kumene kumatumiza zosintha kwa inzake mphindi 15 zilizonse ngati simunasinthe nthawiyo. Ndi njira yachiwiriyi, mlendo amadzuka ndi mafayilo a pa kukopera komaliza, ndiye malisiti a mphindi zingapo zomalizira angafunike kulowetsedwanso. Kwa ofesi yaing'ono, ine ndimaona kuti mtengo umenewu ndi wopiririka, bola eni ake adziwiretu.

Tsopano onani swichi ija. Makompyuta ndi atatu, koma swichi ndi imodzi. Iyo ikazima, iliyonse imatsala ndi voti imodzi, palibe ili ndi khoramu, ndipo zonse zimene zikusamala alendo a `HA` zimadzizimitsa pa mphindi imodzi yomweyo. Kwathu kuno, kumene magetsi amazimazima, izi zimachitika mosavuta: munthu amagulira makompyuta mabatire osungira magetsi n'kuiwala kabokosi kakang'ono kaja kali pakhoma. Swichi iyenera kudya pa batire limodzimodzi. Chabwino koposa ndi kupatsa Corosync njira yachiwiri, pa swichi ina ndi zingwe zina, kudzera pa `--link0` ndi `--link1` pomanga gulu. Corosync sifuna msewu waukulu, mauthenga ake ndi ang'onoang'ono, koma imadana ndi kuchedwa. Malangizo a Proxmox amati uthenga usamatenge mamilisekondi oposa 5 pakati pa makompyuta. Chingwe chomwecho chikadzaza ndi mafayilo akuluakulu osungidwa usiku, kompyuta yamoyo ingaoneke ngati yafa. Chizindikiro chake ndi makompyuta amene amadzizimitsa okha pa ola lomwelomwelo usiku uliwonse, ndipo `journalctl -u corosync` imaonetsa mamembala akuchoka ndi kubwerera.

Magetsi akabwerera, khoramu imaonekeranso. Kompyuta imene yayamba kuyaka simadzutsa alendo ake mpaka itamva inzake. Ngati ziwiri zinazo zimafuna munthu kuti adine batani, ofesi yonse imadikira munthuyo. Ndi bwino kutchera makompyuta onse kuti aziyaka okha magetsi akafika.

Masamu omwewa akufotokoza chifukwa chake anthu amasankha atatu. Pa awiri, kuposa theka ndi awiri omwewo, ndiye imodzi ikazima yotsala imauma manja. Gulu la awiri limagwa msanga kuposa kompyuta imodzi yokha. Pa anayi pafunika atatu, choncho mumapirira imfa imodzi yokha, monganso pa atatu. Amene ndalama zangokwanira makompyuta awiri angathe kubwereka voti yachitatu kwa kamakina kakang'ono, ngakhale Raspberry Pi, koikidwa `corosync-qnetd` ndi kulumikizidwa ndi `pvecm qdevice setup`. Iko sikasunga mlendo aliyense, kamangovota. Ndipo amene ali ndi atatu akumbukire kuti akazimitsa imodzi kuti aikonze, wadya kale mpata wake wonse: azikonza imodzi imodzi, n'kudikira kuti `Total votes` ibwerere pa 3 asanagwire ina.

Nanga ziwiri zikafadi, mwina mphenzi yawotcha, ndipo malipiro a antchito akufunika lero? Pali lamulo lotsegula bokosi ndi munthu mmodzi:

```
pvecm expected 1
```

Limauza kompyuta yotsalayo kuti voti yake ndi yokwanira, ndipo kaundula amatseguka. Pamenepo fayilo ya mlendo ingasunthidwe pamanja, bola disiki yake ikupezeka pa kompyuta yamoyoyo:

```
mv /etc/pve/nodes/pve2/qemu-server/101.conf /etc/pve/nodes/pve1/qemu-server/
```

Koma polemba lamulo loyambalo mwachotsa chitetezo chonse chija, ndipo ntchito yotsimikiza kuti zinazo zafadi yagwera inu. Kusayankha pa netiweki si umboni. Pitani pamene pali makompyuta awiriwo, muone ndi maso kuti azima, muzule zingwe zawo za magetsi, ndipo zikhale zozula mpaka mlendo atayaka pa malo ake atsopano.