Khofi ndi chilungulira: vuto limayambira pa kuchuluka kwa masipuni

LUSAKA – Anthu ambiri a m'komboni ya Chaisa amene amagwira ntchito usiku kapena kulawirira m'mamawa, monga alonda, oyendetsa mathiraki ndi amayi ogulitsa pamsika, amadalira kapu ya khofi kuti athamangitse tulo. Ena mwa iwo amadandaula kuti akamwa, pachifuwa pamatentha, manja amanjenjemera ndipo mtima umagunda msangamsanga. Kafukufuku wa zaumoyo akusonyeza kuti madandaulo amenewa ndi oona, koma kawirikawiri chimene chimalakwika ndi muyezo wa khofiyo ndi nthawi yomwera.

Chimene khofi amachita m'mimba

Ambiri amaganiza kuti khofi amawotcha m'mimba chifukwa chakuti ali ndi asidi wambiri. Zoona zake n'zakuti asidi wa m'khofi ndi wofooka kwambiri poyerekeza ndi amene mimba imapanga yokha pogaya chakudya. Chimene khofi amachita ndi kuuza mimba kuti itulutse asidi wake wochuluka. M'chaka cha 1975, madokotala awiri a ku America, Sidney Cohen ndi Glenn Booth, anapeza kuti ngakhale khofi wochotsedwa kafeini amachitanso zimenezi, kutanthauza kuti mumbewuyi muli zinthu zinanso zimene zimadzutsa mimba.

Chilungulira chimabwera pamene asidiyo wakwera m'mwamba. Pamene kholingo lodutsamo chakudya limakumana ndi chifu pali mnofu umene umagwira ntchito ngati chitseko. Mwa anthu ena, khofi amafooketsa chitseko chimenechi, ndipo asidi amabwerera kukhosi. N'chifukwa chake munthu amamva kutentha pachifuwa ndi kugeya madzi owawasa. Izi sizichitikira aliyense: anthu awiri angathe kumwa kapu yofanana, wina n'kuvutika, mnzake osamva kanthu.

Komabe khofi sayambitsa zilonda za m'mimba. M'chaka cha 1982, Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia anatulukira kachilombo ka Helicobacter pylori, kamene kamayambitsa zilonda zambiri za m'mimba. Chifukwa china chachikulu ndi kumwa kawirikawiri mankhwala opha ululu monga asipirini, bulufeni ndi dikilofenaki. Khofi angathe kukulitsa ululu wa chilonda chimene chilipo kale, koma kuleka khofi sikuchiza chilondacho.

Kunjenjemera kumachokera ku kafeini

Kafeini amatsekereza uthenga wa kutopa umene ubongo umalandira, ndipo amachititsa thupi kukhala tcheru ngati kuti kuli ngozi. Akachuluka, manja amanjenjemera, mtima umathamanga ndipo munthu amakhala ndi nkhawa yopanda chifukwa. Bungwe la ku Ulaya loona za chitetezo cha zakudya, la EFSA, linanena m'chaka cha 2015 kuti munthu wamkulu wathanzi angathe kumwa mpaka mamiligalamu 400 a kafeini patsiku popanda vuto, ndipo mayi woyembekezera mpaka 200.

Tiyeni titenge chitsanzo cha mlonda wokhala m'Chaisa amene amalondera sitolo m'tauni. Sipuni yaing'ono yodzaza bwino ya khofi wosungunula, amene sanasakanizidwe ndi china chilichonse, imakhala ndi mamiligalamu pafupifupi 60. Mlondayu amathira masipuni atatu m'kapu yake nthawi ya 10 koloko usiku, ndiye kuti wamwa 180. Amachitanso chimodzimodzi nthawi ya 2 koloko, ndipo afika pa 360. Kukamacha amagula kachitini ka chakumwa chopatsa mphamvu, kamene kawirikawiri kamakhala ndi 80. Onse pamodzi ndi 440, ndipo zonsezi walowetsa m'mimba yopanda kanthu.

Thupi limatenga maola pafupifupi asanu kuti lichotse theka la kafeini amene munthu wamwa. Choncho pamene mlondayu akufika kunyumba nthawi ya 7 koloko m'mawa, theka la kapu ya 2 koloko ija likadali m'magazi, kuphatikizapo chakumwa cha m'chitini chija. Akadya zitumbuwa zamafuta n'kugona nthawi yomweyo, asidi amakwera mosavuta chifukwa thupi lili chogona. Tulo sitibwera, pachifuwa pamatentha, ndipo usiku wotsatira amafuna khofi wochuluka kuposa dzulo.

Mmene mungapangire kapu yosavutitsa

Njira yoyamba ndi kuchepetsa masipuni. Mlonda uja akathira sipuni imodzi ndi theka m'malo mwa atatu, makapu ake awiri amatsika kuchoka pa 360 kufika pa 180. Kuchepetsaku kuchitike pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena ziwiri, chifukwa wozolowera khofi akaleka mwadzidzidzi amamva mutu ndi kufooka kwa masiku angapo.

Ndi bwinonso kuwerenga zolembedwa pachitini. Khofi wosakaniza ndi mizu ya chikore, monga Ricoffy amene amapezeka m'masitolo ndi m'tuntemba, amakhala ndi kafeini wochepa pa sipuni iliyonse kuposa khofi weniweni. Mtundu wa mbewu nawonso uli ndi mbali yake. Khofi wa arabika, amene amalimidwa kufupi ndi Kasama ndiponso kumapiri a Munali, ali ndi pafupifupi theka la kafeini wa mtundu wa robusita, umene umagwiritsidwa ntchito kwambiri popanga khofi wosungunula.

Njira yachiwiri ndi nthawi. Imwani khofi mutadya kanthu, kaya ndi phala, buledi kapena mbatata, ndipo padutse maola awiri kapena atatu musanagone chogona. Mkaka pang'ono umachepetsa kuwawa kwa khofi, koma mkaka waufa wamafuta ambiri ungathe kukulitsa chilungulira, popeza mafuta amachedwa kuchoka m'mimba.

Amene amagula khofi wopera angayese wokazingidwa kwambiri mpaka kuda. Kafukufuku wina anasonyeza kuti khofi wotere amachititsa mimba kutulutsa asidi wocheperako. Angayesenso kuviika kapu imodzi ya khofi m'makapu asanu ndi atatu a madzi owiritsa amene azizira, n'kuvindikira kwa maola 12, kenaka n'kusefa ndi nsalu yoyera. Khofi woviikayu sawawasa kwambiri pakamwa, koma kafeini amakhalamo ndithu, choncho thiranimo madzi otentha musanamwe.

Amene akukayika ngati khofi ndiye akumuvutitsa angathe kumusiya pang'onopang'ono, n'kukhala masabata awiri osamwa. Chilungulira chikatha, yankho lapezeka. Chikapitirira, ayang'ane kwina: fodya, mowa, chakudya chambiri usiku, kunenepa kapena mankhwala opha ululu aja.

Zizindikiro zosayenera kuchedwa nazo

Pali zizindikiro zimene kusintha kapu sikungathetse. Munthu amene akusanza magazi, kuchita chimbudzi chakuda ngati phula, kuvutika kumeza chakudya kapena kuonda popanda chifukwa, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Kupweteka kwa pachifuwa kumene kukufika kumkono, kukhosi kapena kunsagwada, pamodzi ndi thukuta ndi kubanika, kungakhale matenda a mtima, ndipo wodwalayo athamangitsidwe kuchipatala msanga.

Chilungulira chimene chikubwera kawiri kapena kupitirira pa sabata chimafunikanso kupimidwa, m'malo momangomwa soda tsiku ndi tsiku. Okhala m'Chaisa angayambire ku kiliniki ya m'dera lawo kapena ku zipatala za Chipata ndi Matero, kumene angatumizidwe ku chipatala chachikulu cha UTH ngati pakufunika kupima kwina. Popita kumeneko, uzani adokotala kuchuluka kwa makapu ndi masipuni amene mumamwa patsiku, ndiponso mankhwala onse amene mumagula panokha.