Musanadandaule za netiweki, onani kumene kuwala kukuchokera

Ntchito yanga ndi yolumikiza ndi kukonza maintaneti m'maofesi, ndipo dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri ndi lakuti, "Bandulo ndagula, foni ikulemba 4G, koma anzanga akuti nkhope yanga sikuoneka bwino pa vidiyo." Ambiri amafulumira kuimba mlandu netiweki. Nthawi zina amalondola. Koma netiweki yofooka yomweyo itha kunyamula chithunzi chooneka bwino kapena chosokonekera, malinga ndi zimene mwaisenzetsa, ndipo gawo lalikulu la katunduyo mumalisankha ndinu posankha pokhala.

Vidiyo ndi zithunzi zambirimbiri zotsatizana mofulumira. Chithunzi chilichonse chili ndi timadontho, timene amisiri amati mapikiselo. Mukaona palembedwa 360p, ndiye kuti chithunzicho chili ndi timadontho 640 m'litali ndi 360 m'lifupi, tonse pamodzi 230,400. Cha 720p chili ndi 1,280 m'litali ndi 720 m'lifupi, tonse 921,600. Manambala a 360 ndi 720 amapusitsa, munthu n'kuganiza kuti kusiyana kwake n'kuwirikiza kawiri, pamene timadontho tawirikiza kanayi. Chinanso ndi kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi imodzi, komwe pa sikirini kumalembedwa fps. Vidiyo ya 30 fps imayenda mosalala, ya 15 fps imadukizadukiza pang'ono koma pocheza siivuta.

Tiyeni titenge munthu amene waitanidwa ku mafunso a ntchito pa Google Meet. Ali ndi laputopu, intaneti akutenga pa foni yake. Chofunika kuyeza si liwiro lolandirira, limene anthu amakonda kunyadira, koma lotumizira, lolembedwa upload pa Speedtest. Nkhope yanu imapita kwa anzanu kudzera mu liwiro lotumiziralo, ndipo pa netiweki ya foni ilo limakhala locheperapo nthawi zambiri. Tinene kuti wayeza wapeza 400 kbps, kutanthauza mabiti 400,000 pa sekondi. Mawu atengapo pafupifupi 50,000, chithunzi chitsalire 350,000.

Akakakamira 720p pa 30 fps, pa sekondi iliyonse pali timadontho toposa 27 miliyoni toti tigawane mabiti 350,000 aja. Biti imodzi ikuyenera kufotokoza timadontho pafupifupi 80. Akatsitsa kufika pa 360p, biti imodzi ikusamala timadontho 20. Zithunzi zikachepanso kufika 15 pa sekondi, biti imodzi ikusamala 10 tokha. Zili ngati chitini chimodzi cha penti: mukati chikwane nyumba yonse, khoma lililonse lituluka mawangamawanga, koma chipinda chimodzi chimawala. N'chifukwa chake pa liwiro lotere 360p imaoneka bwino kuposa 720p, ngakhale kuti nambala yake ndi yaing'ono. A Zoom amanena okha kuti pokambirana anthu awiri, 720p imafuna 1.2 Mbps, pamene vidiyo yabwino wamba imafuna 600 kbps. Mnzathu wa 400 kbps sanafike n'komwe pa yachiwiriyo.

Choti achite pa laputopu n'chachidule. Mu Google Meet alowe Settings, kenako Video, pa Send resolution asankhe Standard definition (360p), pa Receive resolution achitenso chimodzimodzi. Pa Zoom achotse chizindikiro pa HD. Amene amaimba pa WhatsApp ali ndi Use less data for calls pansi pa Storage and data. N'zoona kuti mapulogalamuwa amatsitsa okha akaona kuti njira yathina, koma amayesayesanso kukwera netiweki ikangopepuka, ndipo kukwera ndi kutsika kumeneko n'kumene kumachititsa chithunzi kuima njii pakati pa chiganizo. Mukawaikira malire, amakhazikika. Bandulo nayo imapuma: 400 kbps ndi mamegabaiti 3 pa mphindi, 180 pa ola, mbali yotumiza yokha, pamene 1.2 Mbps ndi 540 pa ola. Muwerengerenso zimene mukulandira.

Tsono kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi mapulogalamu ambiri sakupatsani batani loti musinthe. Amasankha okha, mothandizana ndi kamera. Apa m'pamene kuwala kumalowera, ndipo m'pamene ndikufuna tikhalitsepo.

Foni situmiza chithunzi chilichonse chathunthu. Imatumiza chathunthu chimodzi, kenako n'kumangotumiza zimene zasintha. Mukakhala phee kutsogolo kwa khoma losalemba kanthu, chimene chikusintha ndi milomo, maso ndi mutu pang'ono, ndiye mabiti ochepa aja amathera pa nkhope yanu. Khoma silidya kanthu chifukwa silikusuntha.

Mumdima zinthu zimasokonekera. Kamera ya foni kapena ya laputopu ndi yaing'ono kwambiri, kuwala kumene imatola n'kochepa. Kukachepa kwambiri, kamera imakweza mphamvu ya chimene yatolacho, ndipo pamodzi ndi chithunzi imakwezanso zinyalala za magetsi a mkati mwake. Ndi timchenga tija timanyanyuka pa sikirini mukajambula usiku. Timchenga timeneti timasintha malo pa chithunzi chilichonse, choncho pulogalamu imaona ngati khoma lonse likuyenda, n'kumawononga mabiti potumiza zinthu zimene kulibe. Mafoni ambiri amayesa kutifafaniza, koma pofafanizapo amafafanizanso nsidze, ndevu ndi mizere ya nkhope, munthu n'kuoneka ngati wopakidwa phula. Chachiwiri, kamera imatsegula diso lake nthawi yotalikirapo pa chithunzi chilichonse kuti itole kuwala kokwanira. Pa 30 fps siingapitirire gawo limodzi mwa magawo 30 a sekondi, ndiye makamera ambiri amatsika okha kufika 15 fps kapena kucheperapo. Mukagwedeza dzanja limasiya mchira. Onani kuti apa mwataya zonse ziwiri, kuoneka bwino ndi kusalala, netiweki isanalakwe chilichonse.

Pali njira yosavuta yodziwira wolakwa. Kachithunzi kanu kamene mumadzionerapo pakona ya sikirini kamachokera ku kamera mwachindunji, sikanadutse pa netiweki. Ngati pomwepo mukuona timchenga, nkhope yakuda bii kapena dzanja la mchira, vuto ndi kuwala, ndipo kugula bandulo yaikulu sikuthandiza. Ngati inu mukudziona bwino koma mnzanu akuti mukasuntha nkhope ikusweka timabokosi, ndiye kuti mabiti achepa, tsitsani kukula kwa chithunzi. Ngati chithunzi chikuima, mawu n'kumadukaduka kapena kumveka ngati a chitsulo, zidutswa za deta zikutayika kapena kuchedwa panjira. Pa Zoom ya pa kompyuta, mu Statistics, mudzaziona pa Packet Loss ndi Jitter. Zimenezo nyale siingakonze.

Kukonza kuwala sikufuna ndalama. Masana khalani moyang'anizana ndi zenera, kamera ili pakati pa inu ndi zeneralo. Anthu ambiri amachita mosemphanitsa, amakhala zenera lili kumsana chifukwa ndi mmene tebulo linaikidwira. Kamera imayeza kuwala kwa chithunzi chonse, ikaona zenera lowala imadzichepetsa, nkhope n'kusanduka mthunzi. Kwa ife akhungu lakuda zimenezi zimaipa msanga, ndipo malaya oyera mbee amawonjezera vutolo. Khonde ndi malo abwino, bola mukhale pamthunzi mutayang'ana kunja, khoma lili kumbuyo. Dzuwa la masana likakumenyani mwachindunji, maso amalowa m'maenje akuda ndipo chipumi chimanyezimira.

Usiku babu la padenga limawalitsa pamutu, osati pankhope. Tengani nyale yotchaja ija mumasungira magetsi akazima, muyiike kuseri kwa foni kapena laputopu, m'mwamba pang'ono kuposa maso anu, pamtunda wa mkono umodzi. Ikakuthobwani m'maso, ilozetseni ku khoma loyera lomwe lili kutsogolo kwanu kuti kuwala kubwerere kofewa. Kuyandikira n'kofunika kuposa ukulu wa nyale: mukaibweretsa pa theka la mtunda, kuwala kofika pankhope kumawirikiza pafupifupi kanayi. Batani la Adjust for low light la pa Zoom ine sindilidalira kwenikweni, chifukwa limangowalitsa chithunzi chomwe chajambulidwa kale, timchenga tija n'kuwala nawo. Ndipo pukutani galasi la kamera. Foni yomwe yakhala m'thumba tsiku lonse, yagwiridwa ndi manja a mandasi, imajambula ngati m'chifunga.

Kusuntha nakonso kumadya mabiti. Foni ya m'manja imanjenjemera, chithunzi chonse n'kumasintha, choncho itsamiritseni pa mulu wa mabuku. Musakhale kutsogolo kwa mtengo wa mango umene masamba ake akugwedezeka ndi mphepo, kapena wailesi yakanema yoyaka. Chitenje cha maluwa ang'onoang'ono chokoloweka kumbuyo n'chokongola m'maso, koma kamera ikangogwedezeka pang'ono, duwa lililonse likufuna gawo lake. Sendezani kamera kuti mutu ndi mapewa zidzaze sikirini. Pa 360p timadontho n'tochepa kale, musatigawire denga ndi kabati.

Sikuti nthawi zonse chithunzi chaching'ono ndicho yankho. Mukafuna kuonetsa satifiketi kapena lisiti, zilembo zimafuna timadontho tambiri, kusalala kulibe ntchito. Musalimbane n'kuligwira pepalalo patsogolo pa kamera. Lijambuleni pamalo owala, mulitumize ngati chithunzi kapena PDF. Kwa anthu olankhulana ndi manja zili mosiyana: zala zimathamanga, zithunzi zikachepa pa sekondi mawu ena amasowa. Iwo afunika kuwala kochuluka kuposa wina aliyense kuti kamera isatsike pa 30 fps, ndiponso malaya a mtundu umodzi osiyana ndi khungu kuti manja aoneke.

Za netiweki yeniyeniyo zilipo zochepa zimene mungachite. Foni yopereka intaneti iikeni pazenera pamene imagwira bwino, osati m'thumba, ndipo ngati n'kotheka ilumikizeni ku laputopu ndi chingwe cha USB. Laputopu ikaona intaneti imayamba kudzikokera zinthu zake, ndiye pa Windows yatsani Metered connection, muimitsenso zotumiza zithunzi ku Google Photos. Ngati muli ndi ufulu wosankha nthawi, pewani madzulo, pamene anthu ambiri a m'dera lanu akugawana nsanja imodzi. Liwiro lotumizira likatsika kufika cha m'ma 150 kbps, perekani moni kamera ili yoyaka kuti akuoneni, kenako pemphani kuti muzimitse, mafunsowo muyankhe ndi mawu okha.